Mafunso ndi mayankho: lamulo lowunika masiginolo owoloka koloko mu FPGA

Dizaini yanga yagona pa tebulo lanu sabata ziwiri. Chikuchedwetsa n'chiyani?

Tikuvomera kuti mzere watalika, ndipo madandaulo anu tawamva. Owunika mu labu yathu muno mu Lusaka tilipo awiri okha, komanso tili ndi ntchito zina. Koma madizaini ambiri amene achedwa anabwera opanda fomu yosonyeza malo amene siginolo ikuwoloka kuchoka pa koloko ina kupita pa ina, motero timayamba ndi kufufuza tokha malowo. Lamulo silinasinthe: dizaini iliyonse ya FPGA, tchipi imene mumaikonza ndi khodi yanu, ikakhala ya makoloko awiri kapena kuposerapo siikwera pa mabodi a labu isanawunikidwe. Mukabweretsa fomu yodzaza pamodzi ndi lipoti la `report_cdc`, ngati mukugwiritsa ntchito Vivado, pulogalamu yopangira madizaini a FPGA, ntchito yathu imachepa kwambiri.

Kuwoloka koloko n'chiyani kwenikweni?

Ndi pamene filipifulopu, kachipangizo kosunga biti imodzi koloko ikagunda, yoyendera koloko ina ikutumiza siginolo kwa inzake yoyendera koloko yosagunda nayo limodzi.

Mu simuleshoni zonse zikuyenda bwino. Mukufunanso chiyani?

Simuleshoni wamba siona vutoli. Filipifulopu yeniyeni imafuna kuti siginolo ikhale itakhazikika kanthawi koloko isanagunde ndiponso itangogunda. Siginolo ikasintha mkati mwa kanthawi kameneka, filipifulopuyo imatha kuima pakati, osakhala pa 0 kapena pa 1, kenako n'kugwera mbali ina mochedwa. Izi ndi zimene timati metasitabilite. Mu simuleshoni filipifulopu imasankha nthawi yomweyo, choncho mudzaona zonse zili bwino mpaka bodi itafika kwa kasitomala. Vutoli limabwera mwa apo ndi apo, ndipo limasintha malinga ndi kutentha komanso mphamvu ya magetsi, moti bodi imene inakhoza pa benchi mu Juni ikhoza kuchita zina mu Okutobala ili m'bokosi lachitsulo padzuwa.

Nanga mafilipifulopu awiri amathandiza bwanji?

Awiriwa amaikidwa motsatana mbali yolandira, ndipo timawatcha sinkironaiza. Yoyamba imalandira siginolo ndipo imaloledwa kusokonezeka. Yachiwiri imadikira kugunda kotsatira, ndipo pofika nthawi imeneyo yoyamba ija imakhala itagwera mbali imodzi. Vuto silitheratu, koma mwayi woti lichitike umatsika mofulumira kwambiri nthawi yodikira ikamatalika. Timafuna kuona izi:

```verilog
(* ASYNC_REG = "TRUE" *) reg s1, s2;
always @(posedge clk_b) begin
  s1 <= sig_a;
  s2 <= s1;
end
```

`ASYNC_REG` imauza Vivado kuti iike awiriwa moyandikana ndipo isawasinthe, chifukwa waya wautali pakati pawo umadya nthawi imene `s1` ikufuna kuti ikhazikike. Pali zinthu ziwiri zimene timabwezera dizaini kawirikawiri. Choyamba, `sig_a` iyenera kuchokera mu filipifulopu mwachindunji, osati m'mageti, chifukwa mageti amatha kuphethira kanthawi kochepa ndipo mbali inayo imagwira kuphethirako ngati uthenga weniweni. Chachiwiri, palibe china chowerenga `s1` kupatula `s2`.

Ndinaika mafilipifulopu awiri pa biti iliyonse ya kauntala yanga. Mwaikaniranji?

Funso ili ndi limene latibweretsera mikangano yambiri, ndipo tikupempha kuti muwerenge modekha. Mafilipifulopu awiri amalonjeza chinthu chimodzi chokha: biti idzafika ili 0 kapena 1. Salonjeza kuti idzafika pa kugunda kuti. Biti imene yasintha pafupi ndi kugunda ikhoza kuoneka tsopano, kapena kuchedwa ndi kugunda kumodzi, ndipo biti iliyonse imasankha payokha.

Titenge kauntala ya mabiti 4 imene ikuchoka pa 7 kupita pa 8, ndiye kuti `0111` kukhala `1000`. Mabiti onse 4 akusintha nthawi imodzi, koma mawaya ake ndi osiyana kutalika. Koloko yolandira ikagunda pakati pa kusinthako, biti yapamwamba ikhoza kufika yatsopano zinzake zikadali zakale, ndipo muwerenga `1111`, amene ndi 15. Zikatembenuka, zitatu zam'munsi n'kufika kale yapamwamba isanafike, muwerenga `0000`. Nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 15 ndi yotheka, ngakhale kuti kauntala yanu sinakhalepo pa nambala zimenezo. Pa kugunda kotsatira zonse zimabwerera m'malo, n'chifukwa chake vutoli ndi lovuta kuligwira. Chizindikiro chake ndi nambala imodzi yachilendo pakati pa zikwi zolondola, ndipo ikamaoneka imakonda malo amene mabiti ambiri amasinthira limodzi, monga pochoka pa 127 kupita pa 128.

Ngati ndi kauntala imene imangokwera kapena kutsika ndi 1, isandutseni khodi ya Gray, mmene biti imodzi yokha imasintha pa sitepe iliyonse: 7 ndi `0100`, 8 ndi `1100`. Wolandira aona nambala yakale kapena yatsopano, osati yachilendo. Nambala ya Gray ilowe kaye mu rejisitala ya mbali yotumiza isanawoloke, ndipo muchepetse kusiyana kwa nthawi ya mawaya ake ndi `set_bus_skew` kapena `set_max_delay -datapath_only`. Ngati nambalayo imalumpha, Gray sakuthandizani. Pamenepo ndi handisheki kapena FIFO, zimene tizifotokoza m'munsimu.

Ena atiuza kuti rejisitala yawo imalembedwa kamodzi poyatsa, kenako siisinthanso. Zoterezi timazilola nthawi zina, koma pokhapokha mutasonyeza mu khodi chimene chikuletsa wolandira kuigwiritsa ntchito isanakhazikike. Mawu apakamwa okha sitilandira.

Makoloko anga onse akuchokera ku PLL imodzi. Kodi lamuloli likundikhudza?

Zitengera, ndipo sitingapereke yankho limodzi kwa onse. Ngati PLL kapena MMCM imodzi, gawo lopanga makoloko angapo kuchokera ku koloko imodzi, ikutulutsa 50 MHz ndi 100 MHz, kugunda kwake kumayenderana ndipo pulogalamu imatha kuwerengera nthawi ya njira yodutsa pakati pawo. Pamenepo sinkironaiza siifunika, bola musanaike makolokowo mu `set_clock_groups -asynchronous` kapena kuphimba njirayo ndi `set_false_path`, ndipo lipoti la nthawi likhale loyera. Mukaphimba, mwauza pulogalamu kuti isayang'ane, ndipo chitetezo chonse chachoka.

Pa 50 MHz ndi 125 MHz nkhani imavutirapo. Ina imagunda pa 20 ns iliyonse, inayo pa 8 ns iliyonse, choncho pena kugunda kwawo kumatalikirana ndi 4 ns zokha, ndipo njira yanu iyenera kukwana m'menemo. Zikhoza kutheka, koma kawirikawiri timalangiza kuti muwatenge ngati makoloko osadziwana. Fomu mudzazabe, ndipo tidzaona dizaini iliyonse payokha.

Amene sapatsidwa mwayi umenewu ndi a makirisitalo awiri olembedwa nambala yofanana. Awiri a 50 MHz osiyana ndi 50 ppm, ndiye kuti magawo 50 pa miliyoni, amasemphana ndi kugunda 2,500 pa sekondi iliyonse. Koloko yochokera ku tchipi ya Ifaneti ndi ya pa bodi panu ndi alendo kwa wina ndi mnzake, ngakhale zonse zitalembedwa 125 MHz.

Siginolo yanga ndi biti imodzi, sinkironaiza ilipo, koma nthawi zina siifika.

Yang'anani kutalika kwake. Siginolo yokhala kugunda kumodzi pa 125 MHz imatha 8 ns, pamene koloko ya 50 MHz imayang'ana kamodzi pa 20 ns. Pa 10 zilizonse, pafupifupi 6 zidutsa osaonedwa. Italikitseni kuti ipitirire kugunda kumodzi ndi theka kwa wolandira, kapena itembenuze biti imene idzakhale pomwepo, ndipo mbali inayo izindikire kutembenukako. `xpm_cdc_pulse` imagwira ntchito imeneyi, koma masiginolo otsatizana mothinana imawatayabe.

Ndisankhe handisheki kapena FIFO?

Handisheki ndi ya uthenga wobwera mwa apo ndi apo. Wotumiza amagwira nambala osaisintha n'kukweza `req`, wolandira akaona amatenga nambalayo n'kukweza `ack`, kenako onse amatsitsa motsatana. Zowoloka pa sinkironaiza ndi `req` ndi `ack` zokha. Pakati pa 50 MHz ndi 125 MHz, ulendo wonse wa masitepe 4 umatenga pafupifupi 110 mpaka 170 ns pa nambala imodzi. Pa kusintha makonzedwe a chipangizo palibe vuto, koma pa deta yoyenda mosalekeza ndi pang'onopang'ono kwambiri.

FIFO ya makoloko awiri, malo osungira deta amene amaitulutsa motsatira mmene inalowera, ndiyo ya deta yotere, ndipo tikupempha kuti mugwiritse ntchito yopangidwa kale, `xpm_fifo_async` kapena `dcfifo` ya mu Quartus. Chimene timafunsa ndi masamu a kukula kwake. Tinene kuti mabaiti 1,500 akulowa pa 125 MHz, baiti imodzi pa kugunda kulikonse: atenga 12 µs. Wowerenga wa 50 MHz pa nthawi imeneyo atulutsa 600 okha, ndipo 900 atsala mkati. FIFO ya 1,024 ikwana, ndi malo pang'ono otsala chifukwa zizindikiro za `full` ndi `empty` zimachedwa kugunda kungapo. Koma 900 aja amafuna 18 µs zina kuti atuluke. Paketi yachiwiri ikabwera nthawiyo isanakwane, FIFO isefukira, ndipo kuikulitsa kumangochedwetsa kusefukirako. Mankhwala ake ndi kuwerenga mabaiti 4 pa kugunda kumodzi, kuti mbali yowerenga ithe kutulutsa mabaiti 200 miliyoni pa sekondi pamene olowa ndi 125 miliyoni.

Kodi kuwunikaku sikungofuna kuteteza mabodi ndi nthawi ya tonse?

Ndi choncho. Bodi imodzi ikakhala sabata yonse ndi munthu amene akusaka vuto lobwera kamodzi pa tsiku, anzake onse amadikira.

Tamva kuti dizaini ina imene munaivomereza inakanika kuyaka. N'zoona?

N'zoona, ndipo kulakwa kunali kwathu. Tinayang'ana njira zonse za deta koma riseti tinaidumpha. Inkachokera ku koloko ya 50 MHz n'kulowa mwachindunji mbali ya 125 MHz, moti poimasula mafilipifulopu ena ankadzuka kugunda kumodzi anzawo asanadzuke. Pa benchi sizinkaoneka chifukwa bodi tinkaiyatsa kamodzi m'mawa. Kumene inakaikidwa magetsi amazimazima, ndipo pa kuyatsa kwina inkangoima. Tsopano fomu ili ndi mzere wa riseti: ikhoza kugwira nthawi ina iliyonse, koma kumasula kwake kudutse m'mafilipifulopu awiri a koloko yolandira, monga imachitira `xpm_cdc_async_rst`. Amene madizaini anu anavomerezedwa pa fomu yakale, tikupemphani muwabweretsenso kuti tione mzere umenewu wokha. Simudzaima pa mzere kachiwiri.