Tiyi wa lemonigirasi: kupsa kwambiri si ndiye mphamvu

"Amayi akuti ndiziwiritsa masamba a lemonigirasi mpaka madzi ade kuti chimfine chithe msanga. Kodi n'zoona?"

Ayi, achimwene. Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo chimatha chokha pakadutsa masiku 7 mpaka 10. Tiyiyu sapha mavairasiwo. Madzi ake otentha amangofewetsa pakhosi, nthunzi yake n'kutsegulako mphuno, makamaka nyengo ya chiperoni muno mu Blantyre. Ena tiyiyu amawathandizanso mimba ikafufuma.

Kuwiritsa nthawi yaitali n'kudzitayitsa. Fungo lija la mandimu limachokera ku mafuta a m'masamba, ndipo mafutawo amauluka ndi nthunzi, ndiye mphika ukabwata theka la ola osavundikira, mwanunkhiritsa khitchini basi. Tsukani masamba awiri kapena atatu, muwadule, muthire kapu imodzi ya madzi owira, muvundikire mphindi 5 mpaka 10. Madzi akhale achikasu chopepuka. Musefe bwino, poti masambawa ali ndi timinga tokanda pakhosi. Makapu awiri patsiku akwana. Mukamva chizungulire kapena kukamwa kuuma, chepetsani.

Amayi oyembekezera asamwe tiyiyu, oyamwitsa ayambe afunsa kuchipatala, ndipo khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe, bere lokha limakwana. Odwala impso ndi omwe akumwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi afunsenso kaye.

Ngati mukutsegula m'mimba, chofunika ndi Thanzi ORS. Kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo kungakhale malungo, kayezetseni tsiku lomwelo.