Nyimbo ya mitumbira imene sipezeka pena paliponse

M'mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje muli mkangano umene umabwerabwera pamaliro kapena pamsonkhano wa abale: wina amakumbukira nyimbo, mwana wa foni yamakono amaifufuza pa YouTube osaipeza, ndiye nkhani imatha ndi mawu akuti "agogo mwalota". Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa amaiwala mbiri ya chigwa chino.

Nyimbo zambiri za kuno sizinajambulidwepo. Za pamtondo, za m'bwato, za valimba ndi utse zinkabadwa pamalo, n'kusintha mawu malinga ndi amene wayambitsa. Hugh Tracey anajambulako nyimbo m'dziko muno cha m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, koma anali mlendo wodutsa, wojambula zimene anamuimbira tsiku limenelo. Wayilesi ya MBC inayamba mu 1964, ndipo inkajambula pamatepi. Makaseti a m'nyumba nawo sanapirire kutentha kwa kuno, ena anapita ndi madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy mu 2023. Kusapezeka kwa nyimbo sikutsimikiza kanthu.

Komabe si zonse zimene munthu amakumbukira zili zoona, ndipo apa m'pofunika kusamala. Mtima umasunga bwino maimbidwe, mawu ovomera, ndi ntchito imene inkagwiridwa poimba. Zimene umasokoneza ndi zozungulira nyimbo: woimba, chaka, ndi kumene inamvekera. Pakatsala mpata, munthu amaudzaza ndi zimene anamva pambuyo pake, osadziwa kuti akuwonjezera. Sakunama ayi.

Tiyerekeze gogo wa ku Tengani amene akuti pali nyimbo yodandaula za mitumbira, ndipo ankaimva pa MBC ali mtsikana, nthawi imene anthu ankamangidwa chifukwa chokana mitumbira. Nkhani ya mitumbira ndi yeniyeni: m'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza alimi kupanga mizere poteteza nthaka, anthu a m'chigwa anakana kwambiri, mpaka nthawiyo inatchedwa nkhondo ya mitumbira. Koma MBC kunalibe panthawiyo. Amene anali ndi wayilesi ankamva Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Ndiye pali mbali imodzi imene yasokonekera. Mwina anaimva pamtondo ali mwana, dzina la wayilesi n'kudzaphatikana pambuyo pake, kapena inamvekadi pa wayilesi zaka zambiri mitumbira itatha.

Choyamba kuchita ndi kumujambula gogoyo pafoni musanamuikire nyimbo ina iliyonse. Mukayamba ndi kumuonetsa zimene mwapeza n'kumafunsa kuti "kodi si iyi?", mawa adzaimba zosakaniza, ndipo simudzathanso kulekanitsa. Musamupatsenso mayina a oimba. Funsani motere: "Agogo, munkaimba muli pati? Ankayambitsa ndani? Manja ankatani?" Ngati thupi liyamba lokha kutsatira kugunda kwa munsi, mapewa n'kumatsika pamene mawu akutsika, nyimboyo inakhalapo pamtondo. Pakapita milungu ingapo mujambuleninso. Mbali imene yabwera chimodzimodzi ndi yolimba. Imene ikunenepa nthawi iliyonse, lero woimba anali wakhungu, mawa anali wa ku Beira, ndiyo yokayikitsa.

Umboni wamphamvu koposa uli m'kapangidwe ka nyimbo zathu zomwe, zoyambitsa mmodzi ena n'kuvomera. Pitani kwa gogo wina wa msinkhu womwewo, makamaka amene anakwatiwa kutali, kaya ku Ngabu kapena ku Makhanga, woti sanachezepo ndi woyambayo za nkhaniyi. Imbani mzere woyambitsa wokha, kenako khalani chete. Akavomera ndi mawu amene simunamuuze, nyimboyo ndi yeniyeni, ngakhale palibe tepi yake padziko lonse. Koma abale a nyumba imodzi akagwirizana, umenewo si umboni wa anthu asanu. Ndi umboni wa munthu mmodzi amene enawo akhala akumumvetsera.

Chilankhulo nachonso chimasocheretsa ofufuza. Kuno Chisena ndi Chimang'anja zimakhalira limodzi, njanji inkapita ku Beira, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu ochuluka othawa nkhondo ku Mozambique anakhala pakati pathu mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Nyimbo imene inalowa m'Chisena munthu akhoza kuikumbukira m'Chichewa cha kusukulu, n'kumafufuza mawu amene sanaimbidwepo choncho. N'chifukwa chake ndi bwino kuimbira achikulire a ku Marka kapena a kutsidya kwa Shire maimbidwe okha opanda mawu, kuti iwo aikemo mawu amene akuwadziwa.

Polemba zimene mwapeza, lekanitsani zimene anthu awiri osauzana anaimba mofanana ndi zimene ananena munthu mmodzi yekha. Za gogo wa ku Tengani uja, mawu ovomera ndi nkhani ya mitumbira zingalowe mbali yoyamba, pomwe za wayilesi zidikire kaye m'mbali yachiwiri mpaka atapezeka wina amene anali ndi wayilesi m'mudzimo.