Mmene mungalembere mbiri ya wodwala musanakaonane ndi dokotala watsopano

Munthu amene wadwala zaka zambiri amakhala ndi mulu wa mapepala: mabuku a kuchipatala, zotsatira za magazi, makalata omutulutsira mu wodi. Dokotala watsopano alibe nthawi yowerenga zonsezo wodwala ali pampando. Muthandizeni pomulembera tsamba limodzi londondoza zimene zinachitika, kuyambira zakale kufika lero.

Yambani ndi kusanja mapepala onse motsatira zaka. Kenaka jambulani mizere inayi: chaka ndi mwezi, zimene anapeza, zimene anachita, ndi zimene zinatsatira. Mzere wachinayiwu ndi umene anthu ambiri amausiya, chonsecho ndi umene dokotala amaufuna kwambiri.

Tiyerekeze mayi wa zaka 62. Tsamba lake likhoza kuoneka chonchi:

2009: Anawapeza ndi matenda a shuga atayeza magazi. Anayamba kumwa metifomini.

2012: Kuthamanga kwa magazi. Anayamba enalapilili. Anasiya patatha miyezi inayi chifukwa cha chifuwa chouma chosatha. Anawasinthira losatani, chifuwa chinatha.

2016, mwezi wa 5: Opaleshoni yochotsa thumba la ndulu chifukwa cha timiyala. Anawagonetsa tulo, anadzuka bwinobwino, sanawaike magazi.

2016, mwezi wa 6: Mwendo wamanzere unatupa, anajambula n'kupeza magazi ataundana mu mtsempha. Anamwa wafalini miyezi itatu, dokotala ndiye anawasiyitsa. Vutoli silinabwerenso.

2022: Impso zinayamba kufooka, eGFR, nambala yosonyeza mmene impso zikusefera magazi, inali 42. Anachepetsa mulingo wa metifomini.

Taonani zimene ndondomeko ya zakayi ikuulula. Magazi anaundana patangopita mwezi umodzi chichitireni opaleshoni. Dokotala akaona zimenezi amadziwa kuti mwina chinayambitsa ndi opaleshoniyo komanso kugona nthawi yaitali, ndipo mayiwa akamadzachitidwa opaleshoni ina adzafunika chitetezo pasadakhale. Mukanangolemba kuti "anaundanapo magazi" popanda chaka, dokotala sakanadziwa ngati vutoli linangobwera lokha, lomwe nthawi zina limafuna kumwa mankhwala kwa nthawi yaitali.

Chimodzimodzi ndi mankhwala amene anasiyidwa. Musalembe chabe kuti "anasiya". Lembani chifukwa chake ndiponso amene anawasiyitsa. Popanda mawu aja onena za chifuwa, dokotala watsopano akhoza kuwapatsanso enalapilili, kapena mankhwala ena a gulu lomwelo, chifuwa n'kuyambiranso. Popanda mawu onena za impso, akhoza kuganiza kuti mulingo wa metifomini ndi wochepa n'kuwonjezera, pamene mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso zomwezo. Ngati wodwala anasiya yekha, kaya chifukwa chotopa nawo kapena atasowa, lembani choncho mosabisa. Kubisa kumachititsa dokotala kuganiza kuti mankhwalawo sanagwire ntchito.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimasocheretsa kwambiri. Choyamba ndi kulemba chinthu chongoganiziridwa ngati chotsimikizika. Ngati dokotala ananena kuti "mwina ndi zilonda za m'mimba" koma sanayeze, lembani "ankaganizira, sanayeze". Dzina la matenda likangolembedwa, limakopedwa kuchoka pa pepala ili kupita pa lina mpaka aliyense n'kumalikhulupirira. Chachiwiri ndi kupeka deti. Ngati simukukumbukira bwino, lembani "cha m'ma 2015", ndipo sonyezani kuti izi n'zapamutu, osati za papepala.

Pamwamba penipeni pa tsambalo, zaka zisanayambe, ikani zinthu ziwiri. China ndi mankhwala amene thupi la wodwala limakana, pamodzi ndi zimene zinachitika atamwa. Kutupa milomo ndi kubanika atalandira penisilini n'kosiyana kwambiri ndi kungochita nseru, choncho fotokozani zimene munaona. Chinacho ndi mankhwala onse amene akumwa panopa, mulingo wake ndi kangati pa tsiku. Kopani dzina ndi nambala ya mamiligalamu monga zalembedwera pa paketi, musalembe "timapilitsi toyera". Azitsamba ndi ogula nokha alembedwenso, chifukwa ena amasokoneza mankhwala monga wafalini.

Chimfine ndi mutu wa apa ndi apo zisiyeni. Zofunika ndi matenda okhalitsa, kugonekedwa m'chipatala, maopaleshoni, kuikidwa magazi, ndi zoyeza zimene zinasintha chithandizo. Pa opaleshoni lembani chiwalo ndi mbali yake, kumanja kapena kumanzere, komanso ngati anaika chitsulo kapena kachipangizo m'thupi, pakuti zimenezi zimakhudza mitundu ina ya kujambula.

Pokaonana ndi dokotala, tengani tsambalo pamodzi ndi mapepala enieni ndi mapaketi a mankhwala, kuti akafuna kutsimikiza apeze pomwepo. Mupatseni kope lake, lanu musunge, ndipo mukangotuluka wonjezerani mzere wa tsikulo musanaiwale zimene zasinthidwa.