Mwana walakwa yankho, nanga malikisi a njira muwapereka bwanji?

Kholo likatsegula pepala la masamu la mwana wake n'kupeza yankho lolakwa koma pambali palembedwa 3 mwa 5, limadabwa, mwina kuganiza kuti mphunzitsi wakondera. Sikukondera ayi. Pa samu ya alijebura yokhala ndi masitepe angapo timachonga zinthu ziwiri: njira imene mwana wadutsa, ndi manambala amene wapeza. Pa ndondomeko yochongera, imene ife aphunzitsi timangoti makingi sikimu, malikisi a njira timawalemba M, a yankho lolondola A. Lamulo lake n'lakuti A sabwera popanda M wake.

Titenge samu iyi ya kusekondale, ya malikisi 5:

```
2x + 3y = 12
5x − 2y = 11
```

Wochulukitsa mzere woyamba ndi 2, wachiwiri ndi 3, amapeza 4x + 6y = 24 ndi 15x − 6y = 33. Akaphatikiza, y amachoka, pamatsala 19x = 57, ndiye x = 3. Akabwezera 3 mu mzere woyamba, y = 2. Malikisi ndimawagawa chonchi: M1 pofananitsa manambala a chilembo chimodzi, M1 posankha bwino kuphatikiza kapena kuchotsera, A1 pa x = 3, M1 pobwezera x amene mwanayo wapeza, ndi A1 pa y = 2.

Mawu akuti "amene mwanayo wapeza" ndiwo agwira chilungamo chonse. Mwana wina wachita zonse bwino, koma pophatikiza 24 ndi 33 walemba 47. Wapeza x = 47/19, wabwezera moyenera, watuluka ndi y = 134/57. Mayankho onse ndi olakwa, koma waphonya kamodzi kokha, ndipo paphonyedwapo ndi pa kuwonkhetsa kwa kupulaimale, osati pa alijebura. Amatenga ma M atatu onse, ma A awiri amamudutsa: 3 mwa 5. Mukamumana M womaliza chifukwa choti nambala yobwezeredwayo si 3, mwamulanga kawiri pa mlandu umodzi.

Mnzake wafika pa mizere yomweyo koma wachotsera m'malo mophatikiza, walemba 11x = 9. Uyu sanaone kuti −6y kuchotsera 6y kumapereka −12y, ndiye y sanachoke konse. Apa chasokonekera ndi njira. M wachiwiri sapata, ndipo akabwezera bwino 9/11 wakeyo amathera pa 2.

Povuta ndi pakati pa awiriwa. Chaka chilichonse ndimakumana ndi mwana amene walemba 15x − 6y = 11: wachulukitsa mbali ya kumanzere, ya kumanja waisiya. Dzanja lafulumira, kapena sadziwa kuti ikweshoni imachulukitsidwa mbali zonse? Tsiku lina tinagawana mapepala a kalasi imodzi ndi mnzanga, iye n'kupereka M1, ine M0, pa cholakwa chimodzimodzi, ndipo ana atayerekeza mapepala awo anabwera ku sitafu rumu ali ndi chifukwa chomveka. Vuto linali sikimu yathu, imene inangoti "njira yolondola, M1". Mawu otere wochonga aliyense amawamva mwake. Lero ndimalemba zimene diso liyenera kuona papepala: "M1 ngati zigawo zonse zitatu za mzere zachulukitsidwa, lolani kuphonya kuwerengera kumodzi." Wolemba 32 m'malo mwa 33 wayesa kuchulukitsa, apate. Wosiya 11 osamukhudza asapate. Wina angaganize mosiyana nane pamenepa, ndipo palibe kanthu, bola chigamulocho chilembedwe musanatsegule pepala loyamba.

Sikimu iyeneranso kudikira mwana wodzera kwina. Wina amayamba ndi x = (12 − 3y)/2, n'kulowetsa mu mzere wachiwiri, n'kufika pa 19y = 38. Masitepe anu atatu a M apezereni anzawo m'njira imeneyi: kupatula chilembo, kulowetsa mu mzere winawo, kubwezera. Kupanda kutero, wochonga wotopa amafunafuna 4x + 6y = 24, akaisowa n'kudula mzere wofiira.

Nanga wongolemba x = 3, y = 2 popanda china? Manambala ang'ono ngati awa munthu atha kuwapeza poyesayesa, kapena posuzumira kwa mnzake. Ngati mukufuna kuona njira, funsolo linene poyera kuti aonetse masitepe onse, ndipo sikimu inene malikisi amene yankho lokhalokha lipate.

Ndikamaliza kulemba sikimu, ndimatola mapepala khumi, a ana amphamvu ndi ofooka, tichonge anthu awiri aliyense payekha ndi pensulo. Pamene tasiyana malikisi ndi pamene mawu a sikimu ali olobodoka. Timakonza mzere umenewo, kufufuta pensulo, kenako n'kuyamba mulu wonse ndi cholembera chofiira.