Diresi ya mtundu umodzi musaisenzetse katundu

Sipapita sabata osabwera munthu pashopu panga ndi mawu omwewa: "Amayi, diresi mwasoka bwino, koma yangoti zii. Ndiikepo chiyani?" Ndisanayankhe n'komwe, mwini wake wamasula kale jumbo. Mukutuluka duku la chitenje, ndolo zokutidwa ndi chitenje chomwecho, mkanda wa mizere itatu, zibangili zodzaza mkono, chikwama chonyezimira. Zonsezi zikwere pathupi limodzi, tsiku limodzi. Ndakhala ndikunena mpaka kukhosi kuuma, ndipo ndinenanso pano: pachovala cha mtundu umodzi payankhule chinthu chimodzi, zinazo zikhale chete. Zikayankhula zonse, wokuonani amaona katundu, inuyo osakuonani.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Ndi mphunzitsi wa kupulayimale, wamfupi, wa khosi lalifupi, ndipo mwana wake wamkazi ankachita chinkhoswe. Ndinawasokera diresi ya buluu woderako, khosi lozungulira lofika m'mwamba, manja olekeza m'chigongono. Tsiku lodzayesa anabwera ndi duku lokongola kwabasi, lachikasu, lokhala ndi maluwa ofiirira ndi timizere tabuluu apa ndi apo. Titawamanga dukulo n'kuima pagalasi, ndinawauza kuti, "Amayi, mwatha kale. Pezani tindolo ting'onoting'ono tomata pakhutu ndi kachikwama kopanda maluwa. Pakhosi musaikepo kanthu." Anavomera.

Kunyumba achibale anawatembenuza. Akuti mayi wa mwana sangaoneke ngati akupita kumsonkhano wa makolo kusukulu. Lachisanu madzulo, chinkhoswe chili mawa lake, anathamangira m'tauni n'kugula seti kwa mnyamata wina wapamsewu amene analumbira kuti ndi golide wa ku Dubai. Munali ndolo zazitali zofika paphewa ndi mkanda waukulu wokuta khosi lonse. Chithunzi chake ndinachiona. Duku, ndolo ndi mkanda zinaunjikana pamalo osakwana zikhatho ziwiri, khosi linasowa, ndipo nkhope yawo yabwino ija inangosuzumira pakati pa zitsulo. Koma chimene chimandipweteka si chithunzicho, ndibwererako.

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa za mtundu, pamene choyambirira ndi malo. Kuchokera pamphumi kufika pamene payambira khosi la diresi ndi kadera kakang'ono kwambiri, ndipo duku, ndolo ndi mkanda zonse zimalimbirana pomwepo. Mwa zitatuzi, chachikulu chikhale chimodzi. Duku likakhala la maluwa, ndolo zikhale zazing'ono ndipo mkanda utsale m'kabati. Mukafuna ndolo zazitali zolendewera, duku likhale la mtundu umodzi kapena tsitsi likhale pamtunda, khosi likhale lopanda kanthu. Mukafuna mkanda waukulu, wa mikanda yamitengo kapena ya magalasi, makutu apume.

Ndiye pali khosi la diresi lenilenilo, limene anthu amaliiwala akamagula mkanda pamsika. Tcheni cha masentimita 40 mpaka 45 chimagona pamafupa a m'munsi mwa khosi. Pa diresi ya khosi lozungulira la m'mwamba, mpamenenso pamadutsa mpendero wa nsalu, ndiye tcheni chimangobisala theka, theka lili kunja, tsiku lonse dzanja lili pakhosi kuchitulutsa. Khosi lotere limafuna mkanda wautali, wa masentimita 60 kapena kuposa, wogona pansalu poyera, apo ayi musavale. Khosi losongoka ngati V ndi limene limakonda tcheni chachifupi chokhala ndi kanthu kamodzi kolendewera, ndipo pakati pa kanthuko ndi nsalu pazitsala khungu lokwana zala ziwiri. Amayi a chifuwa chachikulu, mkanda uzilekeza pamwamba pa chifuwa. Ukapitirira umalendewera m'malere n'kumagunda mbale mukawerama. Musaganizire ndi maso. Valani diresi yanu, zungulizani ulusi pakhosi mpaka pamene mukufuna, yezani ulusiwo ndi tepi, mupite nawo kumsika.

Za mtundu ndinena mwachidule, poti sizovuta monga anthu amaziopera. Yang'anani duku kapena mpango wanu, mupeze mtundu umene uli wochepa kwambiri m'menemo, ndipo umenewo ndiwo muubwereze kamodzi kokha, pachikwama kapena pandolo. Kwa mayi aja, chikasu chinali chochuluka kale pamutu, ndiye kachikwama kofiirira kakanatola maluwa aja n'kuwatsitsira m'manja. Chimene ndimakana ndi chizolowezi chodula chitenje chimodzi n'kukutira nacho duku, ndolo, chikwama mpaka nsapato. Chitenje chimakoma chikakhala ndi nsalu yopanda maluwa pambali pake yochionetsa. Mukachimwaza paliponse, mphamvu yake imatha. Ndipo mitundu muziifananitsa panja, padzuwa. Magetsi a m'sitolo amanamiza, buluu woderako amaoneka wakuda.

Mpango watsopano musauike pabulauzi yoyera musanauyese. Nyowetsani kansalu koyera, mutikite pakona pa mpangowo. Kakatenga utoto, dziwani kuti thukuta la mu Okutobala lichitanso chimodzimodzi pakolala yanu. Uchapeni pawokha mpaka madzi azituluka oyera. Zoviika mumchere anthu amazikhulupirira kwambiri, koma ine ndaona mipango yogona mumchere usiku wonse ikusukulukabe. Wosasiya kusukuluka muzivalira zovala zakuda basi.

Chikwama nacho anthu amachitenga ngati dengu. Kuchinkhoswe mukufuna foni, kampango kopukutira thukuta ndi ndalama zing'onozing'ono za perekaniperekani. Zimenezi zimakwana m'kachikwama kosaposa chikhatho ndi theka. Chikwama chachikulu cha kuntchito chimakoka phewa limodzi, diresi n'kupendekeka, ndipo ntchito yonse ya telala imathera pomwepo. Onaninso pamene chikwama chikulekezera, chifukwa diso la munthu limaima pomwepo. Ngati simukufuna anthu ayang'ane m'chiuno, fupikitsani lamba chikhale m'nthiti, kapena chigwireni m'manja. Lamba wa tcheni ndi zikwama zoluka ndi mlaza zimakola ulusi wa nsalu zoterera, ndiye muzizisungira zovala za thonje. Pakaunjika zikwama zachikopa chenicheni zimapezeka ndithu. Suzumirani pabowo la lamba kapena pamene chadulidwa: chikopa kuseri kwake chimakhala chokhakhala, chaubweya pang'ono, pamene chapulasitiki chimaonetsa ulusi wa nsalu yomatidwa. Chapulasitiki chikayamba kusupuka pakona imodzi sichibwerera, ndipo tizidutswa take timamatirira padiresi.

Tsopano ndibwerere kwa mayi aja. M'mawa wa chinkhoswe, asanafike n'komwe kuholo, makutu anayamba kuyabwa. Anapirira. Madzulo khosi linali litatuluka nsungu motsatira mkanda, ngati wina wajambula ndi cholembera. Lamulungu anavalanso ndolo zomwezo kutchalitchi, poti ndalama zinali zitapita kale. Makutu atatupa, mnansi anawauza kuti apake mankhwala otsukira mano, wina anati phulusa. Anafika kwa ine Lachinayi kudzatenga nsalu yotsala, khutu lamanzere likutuluka mafinya, bowo litakokeka n'kusanduka mzere wotsala pang'ono kudukiza. Ndinatseka shopu n'kuwaperekeza kuchipatala. Masiku asanu onsewo anangotayika, pamene chofunika chinali kuvula ndolozo m'mawa wa Loweruka womwewo.

Imvani bwino apa, chifukwa zinthu ziwiri zimasokonezedwa. Mphete kapena chibangili chikasiya mzere wobiriwira pakhungu, umenewo ndi mkuwa wakumana ndi thukuta. Umachoka ndi sopo, si matenda. Koma kuyabwa, kufiira ndi timatuza pamene pagunda chitsulo, kawirikawiri ndi chitsulo chotchedwa nikelo chimene amasakaniza m'zokongoletsera zotchipa. Thupi likayamba kudana nacho silisiya, ndipo mukamakakamira mpamene zimakula. Ena amapaka polishi ya zikhadabo pakamtengo ka ndolo. Imathandiza kanthawi kochepa, ikasupuka vuto labwerera. Vulani tsiku lomwelo. Pakakhala potentha, potupa kapena pa mafinya, pitani kuchipatala, osati kwa mnansi. Ndipo amene muli ndi thupi lotupitsa zipsera, ganizani kawiri musanalole munthu wa pasaluni akubooleninso khutu kuti muonjezere ndolo, chifukwa chotupa cha pakhutu chikamera n'chovuta kuchichotsa ndipo chimakonda kumeranso.

Za golide wa pamsewu, ndatopa nazo. Golide weniweni amakhala ndi chidindo chaching'ono pa chotsekera, monga 375, 585 kapena 750, siliva amakhala ndi 925, ndipo zilembo GP zikutanthauza kuti angopaka golide pamwamba. Chidindo nacho akuba amadinda, ndiye chisakhale umboni wokhawo. Maginito amathandiza mbali imodzi: chinthu chikakakamira, si golide kapena siliva, koma chikapanda kukakamira mwina ndi mkuwa chabe. Umboni woyamba ndi mtengo. Palibe munthu angakugulitseni golide wokuta khosi lonse pamtengo wa nkhuku ziwiri. Kuvala zopaka si kulakwa, inenso ndimagulitsa, koma mugule mukudziwa, musasambe nazo, ndipo pefyumu muzithira musanavale. Kulemera kwa ndolo muziyesa pagalasi musanalipire. Bowo la khutu likakokeka n'kuoneka ngati kamzere, ndolozo n'zolemera, ngakhale zikongole bwanji.

Zonsezi zimafuna masiku, n'chifukwa chake kugula Lachisanu madzulo ndimadana nako. Sabata isanafike mwambo, valani zonse pamodzi, nsapato zomwe, wina akujambuleni ndi foni ataima mamita atatu kuchokera pamene muli. Chimene diso lanu layamba kuona pachithunzicho chikakhala nkhope, zili bwino. Chikakhala mkanda kapena chikwama, chotsani chimodzi mujambulitsenso. Ndolo zatsopano muzivale kunyumba theka la tsiku kuti khungu linene maganizo ake nthawi ikadalipo.

Mayi aja anabweranso mu Disembala, mwana wa achimwene awo akukwatira. Diresi inali yomwe ija ya buluu, ndinangoibweza pang'ono m'chiuno. Ulendo uno tinasinthanitsa: duku lofiirira lopanda maluwa, mkanda wa mikanda yamitengo wa masentimita 60 wotungidwa paulusi, wogona pansalu osagunda khungu, ndi kachikwama kachikopa ka pakaunjika. Ndolo sanavale, ndipo mpaka pano savala. Pomanga duku anandipempha kuti ndilitsitse pang'ono mbali ya kumanzere, ndipo ndinalitsitsa.