Sola pa denga la malata: mangirirani ku mtanda, osati ku lata

Nyumba zambiri zomwe zimayamba kudontha zikangoikidwa sola, vuto lake limakhala limodzi: woikayo anaboola lata pomwe pamuyandikira, n'kumanga sikuluwu popanda thabwa pansi pake. Lata ndi lopyapyala, ntchito yake n'kutchinga mvula basi. Chomwe chiyenera kunyamula mapanelo ndi mitanda yomwe malatawo anakhomeredwapo, ndipo mzere wa misomali yakale ndi umene ungakuuzeni pomwe mtanda wadutsa.

Bowo libooledwe pamsana pa lata, osati m'kangalande momwe mumayenda madzi. Sikuluwu ikhale ndi kalabala pansi pa mutu wake, ilowe mowongoka mpaka igwire thabwa. Mangani mpaka kalabalako kafinyike pang'ono. Mukakaona katatumphukira m'mbali kapena lata litaloŵa m'kati, mwamangitsa, ndipo madzi adzapeza njira. Silikoni ndi wongothandizira. Ine sindivomereza mmisiri amene amaboola paliponse n'kumati adzamata, chifukwa dzuwa la mu Okutobala limatentha kwambiri pa malata ndipo zomatazo zimayamba kusiya lata. Mukatha, sesani tizitsulo totuluka poboola, apo ayi tidzasiya dzimbiri.

Tiyeni tiŵerengere kulemera. Panelo ya mawati 550 imalemera makilogalamu pafupifupi 27. Mapanelo anayi ndi makilogalamu 108, ndipo mukaonjezera njanji za aluminiyamu ndi zomangira mukufika cha m'ma 130, osakwana matumba atatu a simenti. Katunduyu akagawidwa pa miyendo 12 yomangira njanjizo ku mitanda, mwendo uliwonse ukusenza makilogalamu 11 okha. Denga la matabwa abwino silingavutike nazo. Koma katundu yemweyo akatsamira pa mtanda umodzi wodyedwa ndi chiswe, kapena pa milimo yaing'ono ya bulugama yotalikirana, denga limayamba kupindika pakati, mabowo n'kukula.

N'chifukwa chake ntchito iyambire m'siling'i, ndi tochi. Bayani matabwa ndi msomali: ukaloŵa mosavuta kapena pakatuluka ufa, sinthani thabwalo musanakweze kanthu. Onaninso ngati mitanda ndi yomangika bwino ku mapaso, ndiponso mapaso ku khoma ndi waya kapena lamba wachitsulo.

Kumangika kumeneku n'kofunika chifukwa mphepo ya mkuntho siingokanikiza panelo pansi ayi, imaikokeranso m'mwamba. M'mphepete mwa denga, m'makona ndi pamwamba penipeni ndi momwe imakoka kwambiri, choncho mapanelo akhale chapakati, osatulukira kunja kwa denga. Asiyireni mpata wa masentimita ngati 10 kuchoka pa lata kuti mpweya, madzi ndi masamba zizidutsa. Kuno ku Malawi sankhani mbali yoyang'ana kumpoto.

Mvula yoyamba ikagwa, bwererani m'siling'i muja. Thabwa likada mozungulira sikuluwu, kapena siling'i ikaonetsa banga lofiirira, itanani woikayo adzachotse sikuluwuyo n'kuika ina yokulirapo ya kalabala katsopano.