Injini ikamalira ngati timiyala m'chitini pokwera mtunda

Mtunda wa Thabwa, pochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, umaulula matenda a injini za petulo. Galimoto yadzaza, kunja kwatentha, dalaivala ali mu giya 4 ndipo waponda mafuta mpaka pansi. Kenako mukumva "tchetchetche" ngati timiyala m'chitini. Akangochotsa phazi, phokoso lija lazimirira.

Chimachitika n'chakuti pulagi imayatsa petulo ndi mpweya pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, ndipo motowo umayenera kuyenda mwadongosolo mpaka kumaliza silinda yonse. Koma kutentha ndi kupanikizika zikachuluka, mafuta amene moto sunawafike amaphulika okha. Kuphulikako ndiko mumamva. Kukapitirira kumadya m'mphepete mwa pisitoni, kumathyola maring'i, ngakhale kuwotcha gasiketi ya hedi.

Pamtunda pomwepo, tsitsani giya. Injini ikamazungulira mwachangu mu giya 3 imapepukidwa, ndipo nthawi zambiri phokoso limaleka. Komabe mwangoipulumutsa, simunaichize.

Funso loyamba limene ndimafunsa mwini galimoto ndi lakuti, "Mafutawa munathira kuti?" Petulo wa m'zigubu nthawi zina amasakanizidwa ndi palafini, ndipo palafini sapirira kupanikizika, amaphulika msanga. Ngati vuto layamba mutangothira, khuthulani thanki, thirani petulo wa pafilingi, mukayesenso pamtunda. Onaninso ngati injini sikutentha mopitirira muyeso.

Phokoso likapitirira, tiyeze taimingi, nthawi imene pulagi imayatsa moto. Tengani Corolla yakale ya injini ya 4A-FE, yokhala ndi disitibyuta. Injini ikatentha bwino, makaniko amalumikiza ndi waya timabowo totchedwa TE1 ndi E1 pa kabokosi koyezera, n'kuunika pule ya kutsogolo ndi nyali ya taimingi. Chizindikiro chiyenera kuima pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Chikaima pa 16 kapena 18, moto ukuyaka msanga kwambiri. Apa m'pamene ndimadandaula ndi chizolowezi chopotoza disitibyuta pongomvera ndi khutu. Wina amaikankhira kutsogolo kuti galimoto "idzuke", wina amaibweza kwambiri kuti phokoso lithe, mapeto ake galimoto ikufooka, ikumwa mafuta, ikutenthanso. Galimoto zambiri zatsopano zilibe chopotoza. Kompyuta imabweza yokha taimingi sensa ikamva kuphulikako, choncho zikamalirabe, sensayo iyezedwe.

Mafuta ali bwino, taimingi ili pa 10, koma ikulirabe? Ganizirani mwaye. Injini yodya oyilo, kapena yongoyenda maulendo afupiafupi m'tauni, imaunjika kaboni pamwamba pa pisitoni ndi m'hedi. Kaboniyo amachepetsa malo oyakira moto, kupanikizika n'kukwera, komanso amasunga kutentha. Pulagi yokutidwa ndi zouma zakuda kapena zotuwa imapereka chithunzi cha mkatimo. Kaboni akakhala wochepa, mankhwala othira m'thanki amamuchepetsako. Wokhuthala amafuna kutsegula hedi n'kupala, komanso kukonza kumene oyilo akulowera.

Kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini, komveka ngakhale pamalo osakwera, makamaka nyali ya oyilo ikamaphethira, n'kwina. Amenewo kawirikawiri ndi mabering'i, ndipo muzimitse injini pompo.